Wotakala, lainokati kapena impasito: kusankha dzina lomuuzira wojambula

Ntchito yanga ndi yokonza mabuku asanapite kwa osindikiza, ndipo gawo lomwe limandisowetsa tulo kwambiri ndi chikuto. Chikuto chimafuna chithunzi, ndipo wojambula sangaone zomwe zili m'mutu mwanu pokhapokha mutamuuza. Zaka zingapo zapitazo ndinapatsidwa kabuku kandakatulo, kakang'ono, ka mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Wolemba ankafuna chithunzi cha mayi wokalamba atakhala pazenera madzulo akusoka nsalu, mphaka atagona pamapazi pake. Ndinalembera wojambula kuti ndikufuna chithunzi "chokongola, chofatsa, chokhudza mtima." Patatha milungu iwiri anabwera ndi chithunzi chabwino ndithu, chosalala ngati chojambulidwa ndi kamera, chamitundu yambirimbiri. Sichinali chomwe ndinkafuna, komanso osindikiza anali atandiuza kale kuti chikuto chidzasindikizidwa ndi inki ziwiri zokha papepala losanyezimira. Zimenezi ndinali ndisanamuuze wojambulayo.

Bambo aja sanakwiye. Anangondifunsa kuti, "Kodi inuyo mukufuna kuti kuwala kwa pazenerapo ndikupange ndi chiyani? Ndisiye pepala loyera, ndiseme, kapena ndipake penti yoyera?" Ndinasowa choyankha. Funso limeneli ndilo linandiphunzitsa kuti mawu ngati "chokongola" sauza wojambula kanthu, pomwe dzina la chojambulira kapena la kapakidwe, monga wotakala, lainokati kapena impasito, limamuuza zambiri nthawi imodzi: komwe kuyera kuchokere, momwe m'mphepete mwa zinthu muonekere, komanso kuchuluka kwa mitundu. Ndikufuna tiyeze njira zimenezi pa chithunzi chimodzi chomwechi cha mayi wosoka, kenako tione ngati kutchula dzina la gulu la ojambula, monga Impureshonizimu, kumathandiza mofanana.

Wotakala

Wotakala ndi utoto wosakanizidwa ndi manthova a mtengo wa mtundu wa mthethe, ndipo umasungunulidwa ndi madzi. Ukauma pepala limaonekerabe pansi pake. Chifukwa cha ichi, kuyera konse kwa m'chithunzi ndi pepala lenilenilo lomwe wojambula walisiya osalikhudza. Amayamba ndi mitundu yopepuka n'kumapita ku yakuda, ndipo akadetsa malo molakwitsa n'kovuta kuwabwezera mwakale. Choncho mukanena kuti "wotakala" mwamuuza kale kuti zenera lija lidzakhala pepala loyera, ndipo kuwala kudzachita ngati kukutuluka m'pepalamo.

Koma dzinali palokha ndi lotakata kwambiri. Albrecht Dürer anajambula kalulu wake wotchuka mu 1502 ndi wotakala ndi gwashi, utoto wamadzi wosaonekera mkati, ndipo ubweya uliwonse umaoneka paokha. J. M. W. Turner, yemwe anamwalira mu 1851, ankagwiritsa ntchito utoto womwewo kujambula nyanja ndi thambo zosungunukirana, moti sungaloze pomwe china chathera. Zonsezi ndi wotakala. Kusiyana kwake kuli pa kunyowa kwa pepala. Mukapaka utoto papepala lonyowa, umayenderera wokha n'kupanga malire osadziwika ngati nkhungu. Mukapaka papepala louma, umaima pomwe bulashi yathera, ndipo pouma umasiya kamzere kakudirako m'mphepete, chifukwa madzi amakankhira utoto kumeneko. Kamzere kameneka ndi chizindikiro chomwe diso limadziwira wotakala weniweni. Chizindikiro china ndi timadontho tooneka ngati mchenga tomwe mitundu ina, makamaka buluu wa alitiramarini, imasiya m'timaenje ta pepala lokhakhala. Ndipo madzi akadonthera pamalo pomwe payamba kuuma, pamatuluka kachinthu kooneka ngati duwa lamapiringidzo. Ojambula ena amakaona ngati ngozi, ena amakapanga dala.

Ndiye mukasankha wotakala, onjezani mawu awiri kapena atatu: pepala lonyowa kapena louma, losalala kapena lokhakhala, mizere ya pensulo ioneke kapena isaoneke. Ojambula ambiri amagwiritsa ntchito pepala la magalamu 300 pa sikweya mita, chifukwa lopyapyala limakwinyika likanyowa.

Kwa mayi wathu wosoka, wotakala akanapereka kufatsa komwe wolemba ankafuna. Ndimaukonda kwambiri pa zithunzi za madzulo. Vuto linali kwa osindikiza. Kukongola kwa wotakala kuli m'mitundu yopepuka kwambiri, yongotsala pang'ono kufanana ndi pepala, ndipo makina osindikizira amaisandutsa timadontho tating'onoting'ono. Papepala losanyezimira, lomwe limamwa inki, timadontho topepukitsitsa timatha kusowa, pomwe ta pakati timafufuma n'kudetsa chithunzi. Zotsatira zake n'zakuti nkhope ya mayi imatuwa ndipo zenera limangokhala dzenje loyera lopanda malire. Ndi inki ziwiri zokha, mitundu yosungunukirana ija sikanapulumuka. Wotakala amafuna inki zinayi ndi wosindikiza wosamala.

Lainokati

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira yomwe anthu ambiri amaitchula asakuidziwa bwino. Linoliyamu ndi choyala pansi m'nyumba chomwe Frederick Walton anatulukira ku England m'zaka za m'ma 1860. Amachipanga ndi mafuta a mbewu ya fulakisi oumitsidwa, osakaniza ndi ufa wa matabwa ndi wa khungwa la mtengo wa oki lomwe amapangira zotsekera mabotolo, n'kuzimata pa chiguduli. Ojambula anaona kuti n'chofewa posema, ndipo chilibe mitsempha ngati thabwa, choncho chosemera chimayenda mbali iliyonse osapatuka. Wojambula amasema n'kuchotsa malo onse omwe akufuna kuti akhale oyera. Kenako amagudubuza inki pamwamba pa zomwe zatsala, n'kusindikiza papepala.

Taonani zomwe zikutuluka m'kachitidwe kameneka. Malo aliwonse amakhala ndi inki kapena alibe, palibe za pakati. Mtundu wotuwa kulibe. Wojambula akafuna mthunzi wopepuka, amasema timizere toyera tambiri moyandikana, ndipo diso ndilo limasakaniza. Chosemera chosongoka ngati chilembo cha V chimapanga mizere yopyapyala yosongoka kumapeto, pomwe chozungulira ngati U chimakumba malo otakata. M'malo otakatawo mumatsala timitumbira tomwe timagwira inki pang'ono n'kusiya timikwingwirima papepala. Timikwingwirima timeneti ndi tomwe timapatsa lainokati moyo wake, ndipo ngati simukutifuna muyenera kunena, chifukwa wojambula angathe kutisalaza kapena kutiphimba. Chinanso n'chakuti chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Chomwe chili kumanja pa linoliyamu chimakhala kumanzere papepala, choncho zilembo amazisema chobwerera.

Mtundu uliwonse umafuna kusindikiza kwake. Mukafuna wakuda ndi wofiira, wojambula amasema mabuloko awiri a linoliyamu n'kuonetsetsa kuti akugwirizana papepala. Pali njira inanso yogwiritsa ntchito buloko imodzi yokha: amasema pang'ono n'kusindikiza mtundu wopepuka pamapepala onse, kenako amasemanso buloko yomweyo n'kusindikiza mtundu wachiwiri pamwamba, mpaka mtundu womaliza. Pablo Picasso anaitchukitsa njira imeneyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku Vallauris, ku France. Kuopsa kwake n'kwakuti palibe kubwerera. Mukaona chithunzi chomaliza n'kunena kuti "bwezeretsani chikasu chija pakhoma," buloko ija inatha kale kusemedwa. Mukatchula lainokati yamitundu, funsani kuti ndi njira iti mwa ziwirizi, ndipo zosintha zanu zonse zichitike pa chojambula cha pensulo chosemera chisanakhudze buloko.

Ngakhale lainokati ili ndi nkhope zingapo. Ojambula a ku Grosvenor School ku London, monga Sybil Andrews ndi Cyril Power, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ankapanga zithunzi za mitundu itatu kapena inayi, zamizere yokhotakhota yoonetsa liwiro la sitima ndi la anthu othamanga. John Muafangejo wa ku Namibia, yemwe anaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa ndipo anamwalira mu 1987, ankagwiritsa ntchito wakuda ndi woyera basi, n'kudzaza pepala lonse ndi anthu, nyama ndi mawu osemedwa. Elizabeth Catlett, pa chithunzi chake cha mayi wolima m'munda wa eni cha mu 1952, anaumba nkhope yonse ndi timizere tating'ono totsatira mafupa a masaya. Ndinamuonetsa wojambula wanga chithunzi cha Catlett chimenecho, osati kuti akope, koma kuti aone kuti nkhope ya munthu wokalamba ingathe kukhala yofatsa ngakhale itasemedwa ndi mpeni.

Pa chikuto cha inki ziwiri, lainokati ilibe mnzake. Zomwe wojambula wapanga ndi zomwe makina amachita zimafanana: inki kapena pepala. Mukachichepetsa chithunzicho mpaka kukula ngati sitampa, monga momwe chikuto chimaonekera pafoni, chimaonekabe bwino. Malire ake ndi akuti sichinong'ona. Ngati nkhani yanu ikufuna nkhungu, utsi, khungu lofewa la khanda, kapena kuwala kozimirira pang'onopang'ono, lainokati idzazilimbitsa kuposa momwe mumafunira. Ndinkaopa kuti kabuku kandakatulo zofatsa kadzaoneka ngati chikwangwani cha zionetsero, ndipo mantha amenewo anali ndi maziko, chifukwa njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zithunzi za ndale ndi za ogwira ntchito, monga za gulu la Taller de Gráfica Popular lomwe linayamba ku Mexico mu 1937.

Impasito

Liwuli ndi la Chitaliyana ndipo limanena za chinthu chokandidwa. Ndi penti ya mafuta yopakidwa mochindikala kwambiri, ndi bulashi yolimba kapena ndi kampeni kosalala, mpaka imatumphuka pansalu. Impasito si chojambulira pachokha, ndi kapakidwe. Mukangoti "penti ya mafuta" wojambula angathe kukupatsani chithunzi chosalala ngati galasi, chopakidwa mopyapyala kambirimbiri, monga ankachitira ojambula ambiri akale. Liwu loti impasito ndilo limamuuza kuti njira ya bulashi ioneke.

Apa kuyera kumachokera ku penti yoyera younjikidwa, ndipo kawirikawiri malo owala kwambiri ndi omwe amachindikala kwambiri. Rembrandt ankachita zimenezi pa mphumi, pamphuno ndi pa zokongoletsa za golide, n'kusiya mithunzi yopyapyala. Vincent van Gogh, pa chithunzi chake cha usiku wa nyenyezi cha mu 1889, anachindikalitsa pafupifupi paliponse, moti thambo lonse limayenda motsatira bulashi. Mitumbira ya penti imagwira kuwala kwenikweni kwa m'chipinda n'kuponya timithunzi take, choncho chithunzi chimasintha mukasuntha nyale.

Apa ndi pomwe pamagona vuto lake pa ntchito yosindikiza. Chikuto ndi chafulati. Kuti mitumbira ioneke, chithunzi chiyenera kujambulidwa ndi kamera kuwala kukuchokera m'mbali, mbali imodzi kuwale kwambiri kuposa inzake. Mukawalitsa mofanana mbali zonse, timithunzi timafa ndipo impasito imasanduka mabala a mitundu basi. Sikana wamba wa galasi sagwira bwino ntchito imeneyi, ndipo penti yosauma ingamatirire pagalasipo. Nthawi nayo ndi nkhani: penti ya mafuta siuma ngati madzi, imalimba pang'onopang'ono pokhudzana ndi mpweya, ndipo yochindikala imatha miyezi isanalimbe mkati. Ngati tsiku lopereka buku lili pafupi, wojambula angagwiritse ntchito penti ya akiriliki yokhuthala yomwe imauma tsiku lomwelo kapena lotsatira, koma zimenezi mugwirizane poyamba.

Nanga mayi wathu? Impasito ikanamupatsa kutentha ndi kulemera, nsalu ya pamiyendo pake ikanachita kukhudzika. Koma singano ndi ulusi zikanasowa, chifukwa kampeni kopakira sikajambula zinthu zopyapyala choncho. Chithunzi chikachepetsedwa mpaka kukula kwa chikuto chaching'ono, njira za bulashi zimasanduka phokoso, ndipo mutu wa buku sumawerengeka bwino pamwamba pake. Impasito ndimaisungira zikuto zazikulu za inki zinayi papepala lonyezimira, zokhala ndi chinthu chimodzi chachikulu monga nkhope, duwa kapena thambo.

Pali njira yachinayi yomwe anthu amaiiwala, gwashi. Ndi m'bale wake wa wotakala, wosungunula ndi madzi, koma saonekera mkati, ndipo amauma wosanyezimira. Mtundu wopepuka umatha kupakidwa pamwamba pa wakuda, choncho zolakwika zimakonzeka. Amapereka malo afulati amtundu umodzi okhala ndi malire omveka, n'chifukwa chake opanga zikwangwani ankamukonda makompyuta asanabwere. Nthawi zambiri munthu akandiuza kuti akufuna wotakala "koma wowala bwino, mitundu yake yolimba," chomwe akufuna ndi gwashi.

Nanga kutchula gulu la ojambula?

Ndisanafike pa lainokati ndinalakwitsanso kachiwiri. Nditaona kuti mawu oti "chofatsa" sanathandize, ndinalemba kuti ndikufuna kajambulidwe ka Impureshonizimu. Ndinkaganiza za kuwala kwa madzulo basi. Chojambula choyeserera chomwe chinabwera chinali ndi mithunzi ya buluu ndi pepo, timadontho ta mitundu tosasakaniza, nkhope yosadziwika bwino, ndipo kunja kwa zenera kunali munda wamaluwa womwe sindinapemphe. Mayi uja anali atavala diresi lalitali la ku Ulaya la zaka za m'ma 1800. Wojambula sanalakwe. Anandipatsa zonse zomwe dzinalo limanyamula.

Dzina la chojambulira limanena za zomwe utoto, pepala ndi mpeni zimachita, ndipo zimenezo sizisintha kaya mukujambula mphaka kapena galimoto. Dzina la gulu limanena za anthu ena, a dziko lina, a nthawi ina, ndipo limabwera ndi katundu wawo yense. Impureshonizimu inayamba ndi chionetsero cha mu 1874 ku Paris, ndipo dzinalo linachokera kwa wolemba nkhani Louis Leroy yemwe ankanyoza chithunzi cha Claude Monet cha kutuluka kwa dzuwa padoko. Ojambulawo ankakonda kujambulira panja, zomwe zinatheka mosavuta chifukwa cha penti ya m'machubu yomwe John Goffe Rand anatulukira mu 1841. Choncho dzinali limakoka masana, minda, mitsinje, maambulera ndi zovala za ku France za nthawi imeneyo. Ngati mukufuna kokha mithunzi yamitundu ndi bulashi yodukaduka, nenani zimenezo m'mawu anu.

Magulu ena ali chimodzimodzi. Fovizimu, dzina lomwe linaperekedwa pa chionetsero cha mu 1905 ku Paris ndipo limatanthauza zilombo zolusa, imakupatsani mitundu yosatsata chilengedwe. Henri Matisse anajambula nkhope ya mkazi wake ndi mzere wobiriwira kutsika pamphuno. Mukalitchula dzinali khalani okonzeka kuona mphaka wofiira. Ekisipureshonizimu ya ku Germany, ya gulu la Die Brücke lomwe linayamba ku Dresden mu 1905, imagwirizana bwino ndi zosema, koma imapotoza nkhope ndi manja kuti ionetse nkhawa, ndipo mayi wathu akanaoneka wozunzika. Ati Nuvo, wa zaka za pakati pa 1890 ndi 1910, amabweretsa mizere yopiringizika ngati mphukira, maluwa m'mphepete, ndi atsikana atsitsi lalitali ngati a pa zikwangwani za Alphonse Mucha. Mayi wokalamba amatha kutuluka ali mtsikana.

Sindikunena kuti maina a magulu ndi opanda ntchito. Amathandiza pomwe gululo ndi chojambulira chake zili chinthu chimodzi. Ukiyo-e ya ku Japan ndi zithunzi zosindikizidwa ndi matabwa osemedwa, zamizere yopyapyala ndi mitundu yafulati, monga funde lalikulu la Hokusai la cha m'ma 1831. Tingatinga, yomwe Edward Saidi Tingatinga anayambitsa ku Dar es Salaam mu 1968, inayamba ndi penti yonyezimira yopakira njinga pa mabolodi a hadibodi, ndipo kunyezimira ndi kufulatika kwake kumachokera pamenepo. Maina oterewa amanena zambiri molondola. Komabe nawonso amakoka nkhani zawo, mafunde ndi mapiri uku, mbalame ndi nyama zakutchire uko, ndipo ndi bwino kufunsa ngati wojambula wanu akuidziwadi njirayo kapena angoitengera maonekedwe akunja.

Cholakwika china chomwe ndimachiona kawirikawiri kwa anzanga ndi kuunjika maina otsutsana. Wina amalemba kuti akufuna "wotakala wa impasito" poganiza kuti apeza kufewa ndi mphamvu pamodzi. Koma wina ndi wopyapyala woonekera mkati, winayo ndi wochindikala wophimba, ndipo wojambula amangosankha chimodzi mwakachetechete kapena kupanga chapakati chomwe sichikoma mbali iliyonse. "Lainokati yamithunzi yosungunuka" ndi chimodzimodzi. Kusakaniza komwe kumatheka ndi komwe manja angachitedi: lainokati yakuda yopakidwa wotakala pamanja itauma, bola inki yake ikhale ya mafuta kuti isasungunuke, kapena mizere ya inki yokhala ndi wotakala pamwamba. Muyeso wake ndi wapafupi. Dzifunseni ngati mungafotokoze chomwe chikuyamba kupakidwa ndi chomwe chikubwera pambuyo. Ngati simungathe, wojambulanso sangathe.

Musanalembere wojambula, fufuzani zithunzi zitatu kapena zinayi za njira yomwe mwasankha, kuti inu ndi iye muziona chinthu chimodzi. Malo osungira zithunzi zakale ambiri ali ndi zithunzi zawo pa intaneti, ndipo mawu olemba pofufuza ndi awa:

```
watercolour wet-on-wet
two-colour linocut
reduction linocut
oil impasto palette knife
gouache poster
```

Zomwe ndinalemba kachitatu

Uthenga wachitatu unali wautali pang'ono koma unalibe liwu loti "chokongola." Ndinayamba ndi chojambulira: lainokati ya mabuloko awiri, wakuda ndi wachikasu chakupsa, pepala lenilenilo likhale mtundu wachitatu. Ndinanena komwe kuwala kuchokere: zenera likhale pepala loyera, chikasu chigwe pa tsaya limodzi, pamanja ndi pansalu, zotsala zonse zikhale mumdima. Pofuna kupewa ukali womwe ndinkauopa, ndinapempha kuti mizere ikhale yokhota osati yosongoka, nkhope isapotozedwe, ndipo timikwingwirima ta chosemera titsale pakhoma pokha. Ndinapereka muyeso wa chikuto, kuonjezapo mamilimita 3 mbali zonse odzadulidwa posindikiza, ndipo ndinapempha kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a pamwamba likhale lakuda bii kuti mutu wa buku ukhalepo ndi zilembo zoyera. Dzina la gulu sindinatchule ngakhale limodzi.

Ndinaonjeza kuti mayi ayang'ane kumanja, komwe buku limatsegukira, ndipo singano ikhale m'dzanja lake lamanja pa chithunzi chosindikizidwa. Wojambula anandiyankha kuti, "Mwachita bwino kunena kuti chosindikizidwa, chifukwa pabuloko ndimusema akuyang'ana kumanzere." Tinagwirizana kuti andionetse chojambula cha pensulo, kenako chojambula cha inki yakuda ya bulashi chosonyeza malo akuda ndi oyera, asanagwire chosemera. Pa chachiwiricho ndi pomwe tinaona kuti mphaka wakuda wasowa mumdima wa pansi. Anamuzunguliza ndi kamzere koyera kumsana ndi kumakutu basi, ndipo anaonekera.

Anasema mokulirapo kuposa chikuto, pafupifupi kamodzi ndi theka, kuti chosemera chiyende momasuka. Anasindikiza buloko iliyonse payokha ndi inki yakuda papepala loyera losalala, kuti osindikiza alandire mafayilo awiri olekana, limodzi la inki iliyonse. Tinawasikana pa 1200 dpi, kutanthauza timadontho 1200 pa inchi iliyonse, ngati zithunzi za wakuda ndi woyera basi, chifukwa pa 300 dpi, yomwe imakwanira wotakala, m'mphepete mwa mizere yosemedwa mumatha kuoneka timasitepe. Buloko ya chikasu anaikulitsa pang'ono kuti ilowe pansi pa yakuda, kuti mapepala akasuntha pang'ono m'makina pasatsale kampata koyera pakati pa mitundu iwiriyo.

Pepala loyesera litabwera kuchokera kwa osindikiza, zonse zinali bwino kupatula chinthu chimodzi. Ulusi unali utasowa. Unali kamzere koyera kopyapyala kodutsa pamalo akuda, ndipo titachepetsa chithunzi kanapyapyalanso, kenako inki inafufuma papepala lomwa lija n'kukatseka. Dzanja la mayi linangokhala m'malere popanda chomwe likukoka. Ndinamutumizira wojambula chithunzi cha pepalalo. Anatenga buloko yakuda, n'kudutsanso mumzerewo kamodzi ndi chosemera cha V, mozamirako kuti utakate, ndipo anachitanso chimodzimodzi pa ndevu za mphaka ndi pa timizere ta pansi pa diso la mayi. Pa pepala loyesera lachiwiri ulusi unaoneka bwinobwino, kuchokera pansalu ya pamiyendo mpaka pa singano yomwe inali m'mwamba pafupi ndi zenera.